Ndandanda wa zokonzekera pophikira anthu 800 pa mwambo wotsegulira tchalitchi

Nabanda, mlembi wa Chigwirizano

Amayi anzanga, ndikupereka moni kwa nonse m'dzina la Ambuye. Ine ndine mlembi wa Chigwirizano pa mpingo wina wa kumudzi kuno ku Lilongwe, chakufupi ndi Mitundu, ndipo ndabwera ndi nkhani imene yatisowetsa tulo. Loweruka lachitatu la mwezi wa Okutobala tikutsegulira tchalitchi chathu chatsopano, ndipo akulu a mpingo atiuza kuti tiyembekezere anthu 800, kuphatikizapo abusa, mafumu, makwaya ndi akhristu a mipingo yoyandikana nafe. Ntchito yonse ya kukhitchini yasiyidwa m'manja mwa ife amayi. Tinaphikapo pa maliro ndi pa maukwati, koma sitinadyetsepo anthu opitirira 300, ndipo nthawi zonse tinkangoyeza ndi maso. Ulendo uno amayi a pampando andituma kuti ndilembe ndandanda wa zonse zofunika, kuti tiziuwerenga pamodzi ndi kuchonga chimene chachitika. Ndayamba kulemba ufa, mpunga, nyama, nyemba, kabichi, mafuta, mchere ndi nkhuni, koma pepala langa likuoneka ngati la munthu wopita kumsika, ndipo mtima wanga sukukhazikika nalo. Kwatsala masabata asanu. Amene munadutsamo mu ntchito yotere, tithandizeni kuti tiyambire pati.

Nambewe

Mayi Nabanda, musade nkhawa kwambiri, chifukwa masamu a ufa ndi osavuta. Munthu wamkulu amadya ufa wa magalamu 200 pa chakudya chimodzi, imene ili mitanda iwiri yabwino, choncho anthu 800 afuna makilogalamu 160. Mukapeza matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50 ndi ndowa imodzi yapamwamba, nkhani ya nsima mwathana nayo. Milaga yanu ingagawane chimanga chimenecho popanda kugula, popeza mwezi uno anthu ambiri chikadalipo m'nyumba.

Naphiri

Mayi Nambewe anena zoona pa magalamu 200, ndipo inenso ndimayeza choncho, koma pa matumbapo ndiwapemphe kuti tibwerere pang'ono. Thumba la chimanga si thumba la ufa. Mukagayitsa mgaiwa, inde, chimene mwapita nacho kuchigayo mubwera nacho pafupifupi chonse, koma alendo a tsiku lotere simungawapatse mgaiwa. Ufa woyera umadutsa kokonola, kopeta, koviika ndi kotsuka, ndipo m'njira monsemo gaga ndi misere zimachoka. Ine ndaphika pa misonkhano ya amayi kwa zaka zoposa 20, ndipo pa thumba limodzi la makilogalamu 50 sindiyembekezera ufa woposa makilogalamu 30 kapena 32. Ndiye matumba atatu aja angakupatseni ufa wosafika makilogalamu 100, ndipo anthu 300 angatsale akuyang'ana mbale za anzawo.

Chachiwiri, musaphikire anthu 800 pamene mwauzidwa 800. Akulu a mpingo amawerenga makalata amene atumiza, koma samawerenga ana amene amabwera pambuyo pa amayi awo, oyendetsa magalimoto, anyamata a kabaza, ndi anthu a m'mudzimo amene adzamva fungo la nyama. Samawerenganso inu ophika, amene mungakhale 40 kapena kuposerapo. Ine ndikadalemba 900 pamwamba pa pepalalo, ndipo masamu onse ndikadawachita pa nambala imeneyo.

Koma chimene ndikufuna kuti mumvetse kwambiri, mayi mlembi, n'chakuti mtima wanu sukunama. Pepala la kumsika silidyetsa anthu. Kumene ndinaonako ntchito ikuwonongeka, nthawi zambiri ufa unalipo ndipo nyama inalipo, koma miphika inali yochepa, madzi anatha, kapena nsima inapsa nthawi yolakwika. Ndandanda wanu uyambire pa ola limene munthu woyamba adzalandire mbale, ndipo muziwerenga chobwerera m'mbuyo kufikira lero. Mzere uliwonse ukhale ndi zinthu zitatu: chinthucho ndi kuchuluka kwake, tsiku limene chiyenera kukhala chitafika, ndi dzina la mayi mmodzi amene adzafunsidwe chikasowa. Musalembe kuti "amayi a mlaga wakuti", chifukwa aliyense adzaganiza kuti mnzake wachita.

Nabanda, mlembi wa Chigwirizano

Zikomo kwambiri, mayi Naphiri. Ndafufuta 800 ndipo ndalemba 900. Komiti inagwirizana kale kuti pakhale nsima ndi mpunga, ndipo tinaganiza kuti anthu 600 adye nsima, 300 adye mpunga. Ngati ndamva bwino, nsima ya anthu 600 ifuna ufa wa makilogalamu 120, kutanthauza matumba anayi a chimanga. Nanga za miphika mwanenazo tiziwerenga bwanji? Ife tili ndi miphika ikuluikulu itatu ya mpingo, ndipo uliwonse umalowa ndowa ziwiri za madzi n'kutsala malo ovundulira.

Naphiri

Matumba anayi ali bwino, ndipo mukaonjezera ndowa imodzi simulakwa. Tsopano tiyeni tiwerenge miphikayo. Mphika wolowa ndowa ziwiri, amene ali malita 40, umadya ufa wa makilogalamu pafupifupi 15 kuti nsima ilimbe bwino, ndipo nsima imeneyo imakwanira anthu 75. Ufa wanu wa makilogalamu 120 ndi miphika isanu ndi itatu ya nsima. Mukakhala ndi miphika inayi ya nsima yokha, muphika maulendo awiri, ndipo zimenezo n'zotheka. Mukakhala ndi itatu, muphika maulendo atatu, ndipo amene adzadye ulendo wachitatu adzadya dzuwa litapendeka, makwaya a kutali atayamba kale kufunsa za galimoto.

Vuto n'lakuti miphika yanu itatuyo si ya nsima yokha. Mpunga wa anthu 300, pa magalamu 150 munthu aliyense, ndi makilogalamu 45, ndipo ufuna miphika yakeyake itatu, chifukwa mpunga wochuluka mu mphika umodzi umapserera pansi pamene pamwamba pali mbuu. Nyama ya mbuzi ifuna iwiri, nkhuku iwiri, nyemba iwiri, kabichi umodzi kapena iwiri yophika mobwereza. Mukawerenga mupeza kuti mukufuna miphika 14 kapena 15, ndipo muli ndi itatu. Mzere umenewo ndiwo woyamba pa ndandanda wanu, ufa usanalembedwe. Makalata obwereka apite sabata ino ku mipingo yoyandikana nanu, kwa a mfumu ndi ku sukulu ngati ili nayo, ndipo mphika uliwonse ukafika muulembe chizindikiro ndi penti kunja kwake pamodzi ndi chivundikiro chake, kuti pobweza pasadzakhale mkangano.

Ulendo umodzi wa nsima mu mphika wotere umatenga ola ndi theka ngati mukuyamba ndi madzi ozizira. Njira yochepetsera nthawi ndi kukhala ndi mgolo umodzi wa madzi otentha umene moto wake suzima kuyambira m'mamawa, kuti mphika ukangophulidwa n'kukokotedwa, muthiremo madzi ofunda kale. Phala lisiyeni libwate mphindi 20 musanayambe kuthira ufa wolimbitsa, ngakhale anthu akukufulumizitsani, chifukwa nsima yosapsa phala imamata m'manja ndipo imanunkha ufa. Mithiko ikhale yaitali, yofika m'chiuno, iwiri pa mphika uliwonse, ndipo pezani anyamata a mpingo amphamvu osachepera asanu ndi atatu oti azivundula mosinthana. Amayi aziyeza ufa ndi kuweruza kuti yapsa, koma nsima ya anthu 75 imathyola msana.

Najere

Pepani amayi, ine ndili ku Joni kuno, ndipo pamene mpingo wathu unali ndi msonkhano chaka chatha tinangolipira anthu ophika, amene anabwera ndi mbaula zawo za gasi, mbale ndi zonse. Ife tinangovala yunifolomu n'kukakhala m'tchalitchi. Kodi si bwino kuti inunso musonkhe ndalama n'kuitana anthu otere kuchokera mumzinda wa Lilongwe, m'malo mozunzika ndi utsi? Ine ndikhoza kuthandizapo kangachepe.

Nankhoma, msungichuma

Mayi Najere, thandizo lanulo tilandira ndi manja awiri, koma njira yolemba ophika ife sitingaikwanitse. Chuma cha mpingo wathu chili m'nkhokwe ndi m'khola, osati m'thumba. Mayi amene sangathe kusonkha ndalama akhoza kubweretsa ndowa ya chimanga, nkhuku imodzi kapena mtolo wa nkhuni, ndipo ndi mmene tchalitchi chimenechi tachimangira. Ndalama zochepa zimene zilipo ndikuzisungira zinthu zosalimidwa kuno, monga mpunga, mafuta, mchere, sopo ndi kulipira chigayo.

Popeza ndalowa m'nkhaniyi, ndifunse za nyama, chifukwa ndi imene idzadye ndalama zambiri. Ena mu komiti akuti mbuzi zitatu zikwana, ena akuti zisanu ndi ziwiri. Ndikufuna nambala imene ndingaime nayo pamaso pa akulu a mpingo.

Nangozo

Ine ndine wa Mvano ku Zomba, ndipo pa nyama ndili ndi chilonda chimene sichinapole. Pa mwambo wina kwathu tinapha mbuzi zinayi, ndipo tinasiya abambo kuti adule okha kuseri kwa tchalitchi popanda wowayang'anira. Anadula nthuli zazikulu ngati chibakera, ziwindi anawotcha pomwepo akuti akulawa, ndipo pamene tinafika pakati pa mzere nyama inali itatha. Amayi a mpingo wina, amene anayenda mtunda wautali wapansi, tinawapatsa msuzi ndi kabichi basi, ndipo mpaka lero ndikakumana nawo ndimayang'ana pansi.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti nyama imawerengedwa nthuli, osati mbuzi. Mbuzi yabwino ya kumudzi ikasendedwa n'kuchotsedwa mutu, miyendo ndi zam'kati, imatsala makilogalamu 11 kapena 12, ndipo mukadula nthuli ya magalamu 100 pamodzi ndi fupa mupeza nthuli 110 kapena kuposerapo pang'ono. Nkhuku imodzi imatuluka nthuli zisanu ndi zitatu. Mbuzi zisanu zikupatsani nthuli 550, nkhuku 45 zikupatsani 360, ndipo zonse pamodzi ndi 910. Pamenepo aliyense alandira nthuli imodzi, ya mbuzi kapena ya nkhuku, osati zonse ziwiri. Mayi mmodzi wosaopa munthu aime pamene akudula, adule yekha nthuli imodzi yachitsanzo n'kuiika poonekera, ndipo nthuli ziwerengedwe polowa mu mphika, nambala yake ilembedwe. Zam'kati, mitu ndi miyendo muziphike padera, ndipo zikhale ndiwo za ophika ndi anyamata ovundula, kuti asaike maso pa mphika wa alendo.

Nambewe

Ndavomera za ufa, ndinaiwala gaga. Koma pa nkhani ya miphika 15 ndikuona kuti tikudzivutitsa. Kwathu timaphika nyemba ndi nyama Lachisanu madzulo, n'kuzivundikira bwino, ndipo m'mawa timangotenthetsa. Mpunganso tikhoza kuuphika mbandakucha n'kuuthira m'mabeseni, kuti miphika yomweyo igwire ntchito ya nsima. Tikatero miphika isanu ndi itatu ikwana.

Nasibeko, mlangizi wa zaumoyo

Mayi Nambewe, ndikupempha kuti njira imeneyo isalowe pa ndandanda, makamaka mwezi wa Okutobala pamene ngakhale usiku kumatentha. Mphika waukulu wa nyemba ukaphulidwa madzulo n'kuvundikiridwa, pakati pake pamakhala pofunda usiku wonse, ndipo kufunda kumeneko ndiko kumene tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timaswana msanga. M'mawa mudzaona tithovu pamwamba ndi kumva kafungo kosasa, koma nthawi zina simuona kanthu, ndipo kuoneka bwino kwa chakudya si umboni wakuti chili bwino. Mpunga ndiye woopsa kwambiri, chifukwa ukakhala nthawi yaitali m'beseni uli wofunda umatha kukhala ndi poizoni amene satha ngakhale muutenthetsenso, ndipo anthu amayamba kusanza asanafike kwawo. Lamulo limene timaphunzitsa n'lakuti chakudya chophika chisakhale maola opitirira awiri chitachoka pamoto. Chikhale chotentha kufikira nthawi yogawa, kapena chiphikidwe mochedwerapo.

Chimene mungachite Lachisanu ndi kusankha nyemba, kuziviika m'madzi usiku, kupeta mpunga, kusenda anyezi ndi kuwaza nkhuni. Nyemba zoviika zimapsa msanga ndipo zimapulumutsa nkhuni, choncho mukaziteleka 4 koloko m'mawa zidzakhala zitapsa nthawi ikadalipo, n'kumangozisiya pa makala. Mbuzi ndi nkhuku ziphedwe mbandakucha wa Loweruka, pokhapokha ngati muli ndi firiji yodalirika, ndipo malo ophera akhale kutali ndi pamene mukudula kabichi ndi matimati. Mipeni ndi mabeseni a nyama yaiwisi asakhudze chakudya china asanatsukidwe ndi sopo.

Koma chimene sindikuchiona pa pepala la mayi Nabanda ndi madzi. Tonse tikukumbukira kolera imene inayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo nthawi imeneyo tinkayenda pa maliro kuchenjeza anthu za chakudya ndi madzi a pagulu. Anthu 900 pa tsiku lotentha amwa lita imodzi aliyense, ndiye malita 900. Kusamba m'manja kutenga malita 450, nsima yokha 320, mpunga ndi ndiwo pafupifupi 300, ndipo kutsuka mbale ndi miphika sikungachepere 400. Zonsezi zikuyandikira malita 2,400, imene ili migolo 12 ya malita 200, kapena ndowa 120. Ngati mjigo wanu ndi umodzi, madzi amenewo sangatungidwe m'mawa wa tsikulo. Migolo ikhale imene sinasungepo mankhwala a m'munda kapena mafuta a galimoto, ikhale ndi zivundikiro, ndipo ya madzi akumwa ikhale padera. Pitani kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu sabata imodzi tsikulo lisanafike kuti akupatseni kolorini ndi kukuonetsani muyeso wake, ndipo mukathira mudikire mphindi 30 anthu asanayambe kumwa. Posamba m'manja pasakhale beseni limodzi lopisamo onse. Ikani ndowa za mpopi ndi sopo, kapena atsikana azithirira anthu ndi jagi.

Nambewe

Ndamva, mayi Nasibeko, ndipo za mpunga sindikutsutsa. Koma za nyemba ndinenebe kuti ife takhala tikuphika madzulo kwa zaka zambiri, n'kusiya chikuni chikunyeka pansi pake usiku wonse, ndipo palibe amene anadwalapo. Mwina kusiyana kwake n'kwakuti ife sitiziphula.

Nasibeko, mlangizi wa zaumoyo

Kusiyana kwake ndi komweko. Ngati mphika ukhala pamoto n'kumatentha ndithu usiku wonse, vuto limachepa, koma pamafunika munthu wogona pafupi amene azisonkhezera, ndipo dzina lake lilembedwe. Chikuni chikazima 11 koloko usiku aliyense ali mtulo, mwabwerera pa zimene ndanena zija. Ine ndikadasankhabe kuteleka m'mawa.

Mayi Busa

Amayi, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndikufuna kuonjezera za nthawi, popeza ine ndimakhala mbali zonse ziwiri, kukhitchini ndi m'tchalitchi. Pa pulogalamu adzalemba kuti chakudya ndi 1 koloko masana, koma musakhulupirire pepala limenelo. Mwambo wotsegulira tchalitchi uli ndi kudula riboni, mbiri ya ntchito yomanga, malankhulidwe a mafumu ndi alendo, makwaya amene aliyense afuna kuimba nyimbo ziwiri, ndi chopereka chimene chimaitanidwa mlaga ndi mlaga. Mapemphero otere akhoza kutuluka 3 koloko. Mukaomola nsima 12 koloko chifukwa cha pulogalamu, alendo adzaipeza itauma khungu pamwamba ndi kuzizira m'kati.

Choncho pa ndandanda pakhale mzere wa mtumiki, mtsikana kapena mayi mmodzi amene ntchito yake ndi kuyenda pakati pa tchalitchi ndi khitchini. Gwirizanani ndi mlembi wa mpingo za chizindikiro. Kumene ndinakhalako tinkachita chonchi: mlaliki akaimirira kuwerenga mawu, madzi a nsima ndi a mpunga akhale akuwira, ndipo chopereka chikayamba, ufa ulowe mu mphika. Ulendo wachiwiri wa nsima umaphikidwa pamene anthu oyamba akudya.

Nkhani ina ndi ya kagawidwe, ndipo pano ndikudziwa kuti tisiyana maganizo. Mwalemba kuti 300 adye mpunga, koma simunalembe kuti 300 amenewo ndani. Mukaika mpunga ndi nsima pa mzere umodzi n'kumafunsa munthu aliyense chimene akufuna, mpunga udzatha pa anthu 300 oyamba, ndipo otsalawo adzadandaula ngakhale nsima ili yabwino.

Nankhoma, msungichuma

Amayi Busa akhudza pamene komiti yathu inakanganapo. Ena akuti mpunga upite kwa abusa, mafumu ndi alendo oitanidwa okha, ndipo akhristu wamba adye nsima. Ena akuti zimenezo n'zosankha nkhope m'nyumba ya Mulungu, ndipo kuli bwino aliyense alandire mtanda umodzi ndi chipande chimodzi cha mpunga. Ine monga wosunga chuma ndikuona kuti njira yachiwiriyo ifuna mpunga woposa thumba limodzi, ndipo mpunga wa Kilombero si wotsika mtengo.

Nangozo

Ife tinayesapo njira yachiwiriyo ndipo inayenda, koma pamafunika dzanja louma pogawa. Mukapatsa aliyense chipande chimodzi chaching'ono, magalamu 75 a mpunga wosaphika amakwana, ndiye anthu 900 afuna makilogalamu pafupifupi 68, thumba limodzi ndi theka losadzaza. Nsima imatsika kufika mtanda umodzi waukulu. Vuto lake n'lakuti abambo a kumudzi amene azolowera mitanda itatu amachoka akunena kuti sanadye. Palibe njira imene ingakondweretse onse.

Naphiri

Ine pa nkhani imeneyo sindilowererapo, chifukwa mpingo uliwonse umadziwa anthu ake. Ndingonena kuti chimene mungasankhe, musankhe sabata ino, chifukwa chikusintha nambala ya miphika ndi matumba. Ndipo kaya musankha chiti, musagawire pamalo amodzi. Munthu mmodzi amatenga masekondi 15 kuti alandire nsima, nyama, nyemba ndi masamba, ndiye mzere umodzi umadyetsa anthu anayi pa mphindi, ndipo anthu 900 angathe maola atatu ndi mphindi 45. Mukatsegula malo asanu ndi limodzi, onse adya pasanathe mphindi 40, malinga nsima ikufika. Malo aliwonse afuna amayi anayi ogawa ndi mmodzi wonyamula mabeseni kuchokera kumoto, ndiye amayi 30 amene asakhale omwe aja akhala pa utsi kuyambira 4 koloko. Ana akhale ndi malo awoawo, ndipo okalamba apatsidwe ali pansi. Mphika umodzi wa nyama ndi beseni limodzi la mpunga zibisidwe m'nyumba pansi pa mayi mmodzi, zili pa makala, chifukwa nthawi zonse pamapezeka kwaya kapena alendo amene anatsalira m'tchalitchi.

Mbale musaiwale. Simungapeze 900, koma 450 zikwana ngati pali atsikana otsuka ndi mabeseni atatu, la sopo, lotsukuluza ndi la madzi a kolorini. Mabanja alembe mayina kunsi kwa mbale zawo.

Tsopano ndibwerere ku masiku, monga ndinanena poyamba. Ufa woyera sufuna changu. Chimanga chisonkhanitsidwe kutatsala masabata atatu, ndipo muchione thumba ndi thumba, chifukwa pa zopereka sipalephera kupezeka chofumbwa kapena cha chuku, ndipo cha chuku chitayidwe ndithu. Kukonola kuchitike kutatsala masiku 12, mphale iviikidwe masiku atatu, itsukidwe, iyanikidwe, igayitsidwe, ndipo ufawo uyanikidwenso masiku awiri pa mphasa kufikira utauma kuti waa. Ndikunena masiku 12 chifukwa magetsi akhoza kuzima tsiku limene mwapita kuchigayo ndi mphale yonyowa, ndipo muyenera kudziwiratu kumene kuli chigayo cha dizilo. Ufa ukauma muuyeze pa sikelo n'kuugawa m'matumba asanu ndi atatu a makilogalamu 15, thumba limodzi mphika umodzi, kuti tsikulo pasadzakhale woyeza ndi maso. Nkhuni zifike kutatsala masabata awiri kuti ziume, ngolo ziwiri zodzaza, ndipo mafuwa a miphika ikuluikulu akhale a njerwa zokhazikika bwino kapena mukumbe ngalande, chifukwa mphika wa malita 40 ukapendama pamene mnyamata akuvundula, munthu amapsa.

Najere

Ndamva tsopano kuti nkhani yake ndi yotani, ndipo ndalama yanga ipite ku mafuta ophikira. Mufuna malita angati? Ndifunsenso ngati padzakhale thobwa, chifukwa ine mwambo wopanda thobwa sindiuwerengera.

Nangozo

Malita 20 akwana ngati nkhuku mukuziphika ndi msuzi, koma ngati mukuzikazinga muonjezere 10. Ndionjezerepo kuti nyemba makilogalamu 36 ndi mitu 50 ya kabichi yaikulu zinatikwanira ife pa gulu lofanana ndi limeneli. Ndipo amene adzaphike mpunga asauvundikire ndi majumbo monga ambiri achitira masiku ano, chifukwa pulasitiki imafewa ndi moto n'kusiya fungo. Madzi akangouma, chotsani nkhuni pansi, vundikirani ndi chivundikiro chake, n'kuika makala pamwamba.

Nasibeko, mlangizi wa zaumoyo

Thobwa silindidetsa nkhawa pophika, popeza limawira nthawi yaitali. Limandidetsa nkhawa pogawa, pamene makapu 20 akuzungulira pakamwa pa anthu mazanamazana n'kumapisidwanso mu mgolo. Ngati mulikonza, pakhale chotungira chimodzi cha chogwirira chachitali chimene sichifika pakamwa pa munthu, ndipo lisasungunulidwe ndi madzi osathira mankhwala.

Nabanda, mlembi wa Chigwirizano

Amayi, Mulungu akudalitseni. Usiku wathawu ndinakhala pansi ndi amayi a pampando, ndipo pepala lija talilembanso m'kope, tsamba lililonse sabata yake, kuyambira Loweruka la mwambo kubwerera m'mbuyo. Mayina talemba pa mizere yonse kupatula itatu. Woyang'anira odula nyama sanapezeke, chifukwa amayi awiri amene tawapempha akana, akuti sangadzudzule amuna a eni pagulu, ndipo tikuganiza zopempha mkulu wa mpingo mmodzi kuti aime pamodzi ndi mayi. Za thobwa tazisiyira msonkhano wa mawa, popeza lifuna chimera, ufa wina ndi migolo ina iwiri pamwamba pa 12 ija, pamene ife tapeza isanu ndi umodzi yokha. Za mpunga komiti yagawanikabe pakati, ndipo amayi Nankhoma akana kugula thumba lachiwiri mpaka titagwirizana. Miphika yolonjezedwa yafika 11, kuwerengera yathu itatu. Mayi Naphiri, ngati ina itatuyo siipezeka, kodi tingadule migolo pakati kuti tiphikiremo nyemba ndi kabichi, kapena tichotse kabichi pa ndandanda?

Naphiri

Kabichi musachotse, chifukwa ndi amene amapulumutsa mbale nyama ikachepa, ndipo amapsa msanga moti mukhoza kumuphika maulendo atatu mu mphika umodzi. Mgolo wodula umaphika nyemba bwinobwino ngati unali wa mafuta odya kapena zakudya zina, mwauwotcha kuti penti ichoke, mwaukwecha ndi mchenga, ndipo m'mphepete mwake mwapindidwa kuti musacheke manja. Mgolo umene simukudziwa chimene unasunga musauyandikize kumoto. Koma musanadule kanthu, tumani munthu kwa amayi a Katolika ndi a Dorika a m'dera lanulo, chifukwa iwonso amaphikira magulu ndipo miphika ali nayo. A Dorika muwapemphe kuti mukatenge Lachinayi, popeza Loweruka ndi Sabata lawo.